Mphindi 7 zimene zinabisala kumapeto kwa tepi ya ukwati wa makolo anga

Tepiyo tinaipeza tikufunafuna mapepala a nyumba. Abambo anali atamwalira miyezi iwiri m'mbuyomo, ndipo amayi anatituma ine ndi mlongo wanga wamng'ono kuti tikatsegule sutukesi yachitsulo imene inkakhala pansi pa bedi lawo ku Blantyre. Pansi pa masatifiketi ndi jekete lakale panali kabokosi kapulasitiki kakuda, pamsana pake patamatidwa kapepala kolembedwa ndi dzanja la abambo kuti "Ukwati, 15 Ogasiti 1992". Ine ndinakula ndikumva kuti tepiyi inasowa posamuka. Kumene inali m'nyumba momwemo zaka zonsezi.

Ndikulemba izi chifukwa tinatsala pang'ono kuiwononga tsiku lomwelo, ndiponso chifukwa chinthu chachikulu chimene chinali m'menemo tikanachiphonya tikanamvera nzeru ya munthu woyamba amene tinamufunsa.

Cholakwa chathu choyamba chinali phuma. Aneba athu anali ndi deki yakale m'chipinda chosungiramo katundu, ndiye mlongo wanga anakaibwereka, kuipukuta fumbi pamwamba, n'kulowetsa tepi. Chithunzi chinabwera kwa masekondi ochepa, tinaona khomo la tchalitchi ndi anthu ataima panja, kenako sikirini yonse inadzaza timadontho toyera ndi takuda tothwanimathwanima, timene kwathu timangoti mvula. Deki inayamba kulira mokhala ngati ikutafuna pepala. Potulutsa, lamba wakuda uja anatsalira m'kati, atapindikapindika ngati masamba a chisoso ofota. Mbali imene inakwinyika inali ngati masentimita 40. Pambuyo pake ndinauzidwa kuti tepi ya VHS ya kuno imayenda masentimita awiri ndi pang'ono pa sekondi, choncho tinawononga pafupifupi masekondi 17. Ndi pamene amayi akutsika m'galimoto. Mpaka lero malo amenewo amaoneka ndi mizere yodutsa pakati.

Tikanangoyang'ana pa kawindo ka tepiyo tisanailowetse, tikanaona vuto. M'mbali mwa lamba wokulungidwa uja munali timawanga toyera ngati ufa wothothoka. Chimenecho ndi chuku. Sutukesi yachitsulo yokhala pa simenti imagwira chinyontho dzinja lililonse, ndipo chuku chimamera pa tepi monga chimachitira pa nsapato yachikopa. Tepi yachuku ikalowa m'deki imachita zinthu ziwiri. Ufa uja umatseka timitu towerenga chithunzi, n'chifukwa chake mvula inabwera msanga chonchija. Komanso pamene chuku chamata lamba wina ndi mnzake, deki imakoka mwamphamvu mpaka kupinda kapena kudula. Deki imene yakhala zaka osagwira ntchito nayonso si yoikhulupirira, chifukwa timalamba ta labala ta m'kati mwake timauma kapena kusungunuka. Tikanayenera kuiyesa kaye ndi tepi ina yopanda ntchito.

Madeki atsopano kulibe. Kampani yomaliza imene inkawapanga, ya Funai ku Japan, inasiya mu 2016, ndiye aliyense amene akugwira ntchitoyi lero akudalira makina akale. Tinazungulira kwa amisiri angapo okonza mawailesi ndi ma TV mpaka tinapeza bambo wina wachikulire amene kale ankajambula maukwati. Atangoiona tepiyo anapukusa mutu n'kunena kuti, "Mwayesa kale eti? Ana inu." Anakana kuiika m'deki yake tsiku limenelo. Anati tiisiye kaye sabata yathunthu pa malo ouma, odutsa mphepo, kunja kwa kabokosi kake, koma osati padzuwa, poti dzuwa limapinda pulasitiki.

Sabata itatha ndinapita kukakhala naye pamene ankaiyeretsa, ndipo ndinaona chifukwa chake ntchitoyi saichita mothamanga. Anatulukira nayo pakhonde, atavala chotseka pakamwa ndi mphuno, chifukwa fumbi la chuku limalowa m'chifuwa. Anamasula timasikuluwu tisanu ta pansi, kuitembenuza kaye tepiyo asanatsegule kuti tizitsulo ta m'kati tisamwazike, n'kuchotsa timawilo tiwiri tija. Kenako anayamba kupombonola lamba kuchoka pa wilo lina kupita pa linzake, akumudutsitsa pa kansalu kofewa kosathothoka ubweya, n'kumasintha malo a kansaluko kakada. Lamba wa tepi yolembedwa E-180 amapitirira mamita 250, ndiye ganizirani nokha. Anadutsa kawiri, kupita ndi kubwerera. Chigoba chakale anachitaya, timawilo anatiika m'chigoba cha tepi ina yoyera. Malo okwinyika aja sanawadule, anangowawongola ndi chala. Anandiuza kuti anthu ambiri amalumikiza tepi yoduka ndi selotepi wamba, ndipo ulimbo wake umatuluka m'mbali n'kukamata pa timitu ta deki.

Anandionetsanso kachinthu kena kakang'ono. Kumsana kwa tepi, mbali ya kumanzere, kuli kachibenthu kapulasitiki kothyoka. Kakakhalapo, deki ikhoza kujambula pamwamba pa zimene zilimo munthu akadina batani lolakwika. Chigoba chatsopanocho chinali nako, ndiye anakathyola pomwepo.

Apa ndi pamene ndinasiyana maganizo ndi munthu woyamba uja. Tisanapeze bambo wachikulireyu, mnyamata wina wa malo osindikizira zithunzi anatiuza kuti amalipiritsa potengera kutalika kwa vidiyo, ndipo kuti chithunzi chikangotha iye amaimitsa kuti tisalipire mvula. Zinkamveka zanzeru. Koma bamboyu anati iye salola zimenezo. Tepi iziyenda mpaka ifike yokha kumapeto, ngakhale patakhala theka la ola la mvula yokhayokha, chifukwa ojambula a nthawi imeneyo ankakonda kuponyera zotsala kumapeto. Anati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi." Ndinaseka, koma ndinavomera.

Kusamutsako tinachitira kunyumba kwa amayi, iye atabwera ndi deki yake, mlongo wanga atabwera ndi laputopu. Pakati pa ziwirizi pamakhala kachipangizo kakang'ono kolowa pa USB, kokhala ndi mabowo a mawaya atatu: lachikasu la chithunzi, loyera ndi lofiira a mawu. Tepi yathu mawu ake anali a mbali imodzi, ndiye waya woyera ndiye unkagwira ntchito. Poyamba chithunzi chinabwera chopanda mitundu, chikudumphadumpha, ine mtima n'kugwa kuti chuku chatha zonse. Vuto linali pa kompyuta. Pulogalamu inali itaikidwa pa NTSC, njira ya ku Amereka, pamene matepi a kuno ndi a PAL. Atangosintha, diresi la amayi linayera, maluwa a atsikana operekeza n'kufiira. Mizere imene inkayenda m'munsi anaichotsa ndi batani lolembedwa TRACKING, akudina pang'onopang'ono mpaka chithunzi chinakhazikika.

Ntchitoyi ilibe chidule. Tepi ya maola atatu imatenga maola atatu, chifukwa kompyuta imangojambula zimene deki ikuonetsa. Magetsi akazima pakati, lamba amatsala atazungulira chitsulo cha m'deki, ndipo kumutulutsa pamanja ndi pamene ambiri amamupinda. Ife tinalumikiza deki ndi laputopu ku batire la sola kuyambira pachiyambi. Chinanso chimene chinatipunthwitsa ndi fulashi. Fayilo inatuluka yoposa magigabaiti 6, ndipo fulashi inkakana ngakhale inali ndi malo ambiri. Inali yokonzedwa mwa FAT32, imene silandira fayilo imodzi yoposa magigabaiti 4. Mlongo wanga anaisintha kukhala exFAT, atasamutsa kaye zimene zinalimo poti kusinthako kumafufuta zonse.

Tsopano za zimene tinaona.

Amayi anakhala pa mpando wa abambo, azakhali, mlongo wawo wa abambo, amene anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzakhala nafe masiku a maliro atatha, anakhala pa mkeka. Ine ndinaika foni patebulo kuti izijambula mawu awo pamene akuonera. Nzeru imeneyi ndinaipeza mwangozi, ndinkangofuna kutumizira mchemwali wanga amene ali ku Joni, koma lero ndimaiwerengera kuposa vidiyoyo. Pa anthu onse a m'holo muja, ine ndinkadziwa osapitirira khumi. Amayi ndi azakhali ankawatchula mmodzimmodzi. Uyu ndi nkhoswe wa kuchimuna. Uyu ndi malume awo a amayi, amene anaimira mwini mbumba. Uyu anamwalira chaka chotsatira. Uyu anapita ku Zimbabwe osabwerako. Popanda mawu awowo, ana anga akanadzangoona anthu achilendo akuvina.

Zinthu zina zinkatiseketsa. Palibe mkazi ndi mmodzi yemwe amene anavala thalauza, poti nthawiyo lamulo linkaletsa, ndipo linadzachotsedwa chaka chotsatira. Pa perekaniperekani ndalama zimene ankaponya m'lichero zinali za nkhope ya Kamuzu, ndipo makobidi ankamveka kulira pa simenti. Abambo, amene ife tinkawadziwa ngati munthu wosalankhula, wongoti akalowa m'nyumba wailesi itsitsidwe, anavina mpaka jekete kuvula. Mlongo wanga anabweza malo amenewo katatu, osakhulupirira.

Koma panali nkhani imene tonse tinkaidziwa, ngakhale sinkakambidwa pagulu. Agogo aakazi, amayi awo a abambo, sanalowe m'tchalitchi kapena m'holo tsiku la ukwatilo. Mpando wawo kutsogolo unali wopanda munthu, ndipo pa vidiyo ukuoneka bwinobwino pambali pa agogo aamuna. Amayi anakhala zaka zonse akudziwa kuti apongozi awo sanawafune, mwina chifukwa anali a ku Mulanje pamene iwo ankafuna mkazi wa kwawo. Sanayambane poyera. Ankapatsana ulemu wonse, kugwada, kutumizirana ufa ndi shuga, koma pakati pawo panali kuzizira kumene ngakhale mwana ankakumva. Agogowo anamwalira ine ndili ku sekondale. Kamera itadutsa pa mpando uja, amayi anangoti, "Si umenewo," azakhali n'kuyang'ana pansi.

Patatha maola awiri ndi mphindi 20, akwati anakwera galimoto, chithunzi chinatha, mvula inayamba. Amayi anadzuka kukateleka madzi a tiyi. Anati iwo ndi abambo anaionerapo tepiyi kamodzi kokha, mu 1992 momwemo, kunyumba kwa abwana awo a abambo, ndipo inathera pomwepo. Nthawi imeneyo nyumba zokhala ndi sikirini zinali zowerengeka, poti dziko lino linalibe wailesi ya kanema mpaka 1999, ndiye kuonera tepi kunali kopempha, ndipo munthu sukhalitsa m'nyumba ya abwana kuonera mvula.

Mvulayo inatenga mphindi zinayi. Kenako chithunzi chinabweranso.

Kunali kuseri kwa holo, pa mafuwa. Pakona ya chithunzi kamera inkalemba tsiku lomwelo, koma nthawi inali 11:40 m'mawa, kusonyeza kuti izi zinajambulidwa anthu ali kutchalitchi kapena akungotuluka kumene. Bambo wachikulire uja anatifotokozera kuti wojambulayo ayenera kuti ankagwiritsa ntchito timatepi ting'onoting'ono ta VHS-C, ta mphindi 30 kapena 45, n'kudzasamutsira pa tepi yaikulu pambuyo pake. Za kukhitchini anaziona ngati zosafunika, ndiye anaziika kumapeto. Anati n'chifukwa chakenso mitundu ya vidiyo yonse ikuoneka ngati yasefukira kunja kwa zinthu, poti tepi yathu ndi yokopera kale.

Pa mafuwapo panali azimayi asanu ndi mmodzi ndi miphika ikuluikulu. Nsima imene ankavundula inali yachikasu. Chaka chimenecho kunali chilala choopsa m'chigawo chonse cha kummwera kwa Afirika, ndipo anthu ambiri ankadya ufa wa chimanga chachikasu chochokera kunja. Pambali panali mphika umodzi waung'onopo, ndipo nsima ya m'menemo inali yoyera. Amene ankaigwira mthiko anali mayi wowonda, wopanda nsapato, atamanga chitenje chofwifwa ndi duku. Wojambula atamuyandikira, anabisa nkhope ndi mkono, akuseka, n'kunena kuti, "Iyayi bambo, musandijambule ine, kajambuleni mpongozi wanga uko, ndiye wavala bwino lero." Kenako anauza mtsikana wina kuti, "Iyi yoyerayi ndi ya akwati ndi akuchikazi, musaisakanize."

Azakhali anakuwa kuti, "Amayi anga ine!" Amayi anabwera kuchokera kukhitchini ali ndi sipuni m'manja.

Zimene azakhali anafotokoza madzulo amenewo ndili nazo pa foni. Anati chaka chimenecho kumudzi sanakolole kanthu. Agogo anali atasunga ndalama za diresi ndi nsapato za ukwati kuchokera pa mbuzi imene anagulitsa, koma atamva kuti alendo a ku Mulanje adzadya nsima yachikasu pa ukwati wa mwana wawo, anatenga ndalamazo n'kugula chimanga choyera, chimene chinali chitakwera mtengo kwambiri. Anakonola okha, kuviika, kuyanika, kukagayitsa, n'kubwera nawo ufawo pa basi. Atafika m'tauni n'kuona mmene akuchikazi avalira, anakana kukakhala kutsogolo. Anati achititsa manyazi mwana wawo. Azakhali ndi agogo aamuna anawachonderera, ngakhale kuwabwereka nsapato, koma zinali zazikulu ndipo iwo anali munthu wa mawu amodzi. Anawalumbiritsa kuti asauze munthu.

Amayi anafunsa kuti, "Nanga achimwene anu ankadziwa?" Azakhali anati ankadziwa, anauzidwa usiku womwewo. Ndiye amayi anati, "Zaka zonsezi ndikudandaula, iwo kungoti zisiyeni, zisiyeni." Apa ine ndimawaimba mlandu abambo, ngakhale anapita. Chinsinsi chimene ankasunga chinali choteteza ulemu wa mayi wawo, koma amene analipira ndi akazi awiri amene akanatha kukondana. Azakhali nawonso ndinawafunsa chifukwa chake sananene agogo atamwalira. Anayankha kuti ankaganiza kuti nkhaniyo inaiwalika kale, poti amayi sanawafunsepo.

Sindikunena kuti tepi inaulula zonse. Mphindi 7 sizingafotokoze zaka zonse zimene anthu awiriwa anakhala, ndipo amayi ali ndi zina zimene amakumbukira, mawu ena amene apongozi awo anawalankhula ine nditabadwa, zimene vidiyoyo sikuzifufuta. Chimene inaonetsa n'chakuti mayi amene ankati sanabwere anabwera, anali pa moto kuyambira m'mawa, ndipo anatchula amayi kuti mpongozi wanga ukwati usanathe n'komwe. Zotsalazo tinazimva kwa azakhali, amene ali ndi zaka zoposa 70. Tikanachedwa zaka zingapo, tikanangoona mayi wopanda nsapato akuphika, osadziwa chifukwa chake.

Fayiloyo tinaisunga malo atatu: pa laputopu ya mlongo wanga, pa fulashi imene ili kwa ine ku Lilongwe, ndi pa intaneti. Imene tinatumiza pa WhatsApp kwa abale ndi yochepetsedwa, nkhope siziwoneka bwino, ndiye tinawauza kuti asaitenge ngati yeniyeni. Mawu a amayi ndi azakhali ndinawalemba m'kope, mphindi ndi dzina, mwachitsanzo 00:47 nkhoswe wa kuchikazi, kuti wina akadzafuna munthu asamaonere maola atatu. Tepi yeniyeniyo sitinaitaye. Bamboyo anati tiibweze kuchiyambi, tiiike m'kabokosi koyera, iime chilili ngati buku pa shelefu ya m'mwamba, kutali ndi masipika chifukwa cha maginito ake, ndiponso kutali ndi khoma limene limanyowa. Anati mwina tsiku lina padzapezeka wina wa makina abwino kuposa ake amene angatulutse chithunzi choyera, makamaka pa masekondi 17 tinawononga aja.

Mwezi wathawu amayi anandiimbira foni kufunsa ngati n'zotheka kuchotsa chithunzi chimodzi pa vidiyo n'kuchisindikiza. Ndinaganiza kuti akufuna cha abambo akuvina. Ankafuna cha pa mafuwa, pamene agogo atsitsa mkono n'kuyang'ana kamera. Ndinawachenjeza kuti chituluka chosawala, poti chithunzi cha VHS n'chaching'ono, ndipo kuchikulitsa kupitirira positikhadi kumangochiwononga. Anati chikhale chomwecho. Tinasindikiza ziwiri, chimodzi chili pa kabati ku Blantyre, chinacho amayi anakapereka okha kwa azakhali ku Ntcheu, ulendo wawo woyamba kumudziko kuchokera pa maliro a agogo.